FAVOR kapena FAVOUR: chilembo chimodzi chimene chimagwetsa osewera masewera a mawu

Pa 12 Januwale 2022, anthu ambiri a ku Briteni amene ankasewera Wordle pa mafoni awo anagona ndi mkwiyo. Masewerawa savuta kuwamva. Tsiku lililonse pamabisidwa liwu limodzi la Chingerezi la zilembo zisanu, ndipo wosewera amapatsidwa mwayi kasanu ndi kamodzi kuti alilote. Tsiku limenelo yankho linali FAVOR. Kwa munthu wa ku New York palibe chachilendo pamenepa. Koma kwa amene anaphunzira sukulu ku London, ku Lusaka kapena ku Zomba, liwu limeneli lili ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, FAVOUR, ndipo mwana wolemba popanda U aphunzitsi amamuthetha ndi cholembera chofiira. Anthuwa sanagwe chifukwa chosadziwa Chingerezi. Anagwa chifukwa liwu loyenera silikanabwera n'komwe m'mutu mwawo pofunafuna mawu a zilembo zisanu.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa Chingerezi cha m'sukulu zathu chimatsata kalembedwe ka ku Briteni. Ku Lilongwe kuli City Centre, osati Center. Asilikali athu ndi a Malawi Defence Force, ndi C osati S. Koma masewera ambiri amene tili nawo m'mafoni anapangidwa ku Amereka. Choncho munthu akhoza kulemba liwu limene wakhala akulilemba bwino kuyambira ku pulayimale, foni n'kumukanira, kapena kutsutsa mnzake pa Scrabble ali wotsimikiza ndi mtima wonse, n'kupezeka kuti wolakwa ndi iyeyo.

Gwero la zonsezi ndi limodzi. Masewera a mawu safunsa ngati liwu lili Chingerezi chabwino. Amangofunsa ngati liwulo lili pa mndandanda umene eni masewera anasankha. Ali ngati mlonda wa pageti amene wapatsidwa kaundula wa mayina: sakufunsa za khalidwe lako, amangoyendetsa chala pa pepala kuona ngati dzina lako lilipo. Ndiye funso lenileni ndi lakuti mndandandawo analemba ndani, ndipo anautenga m'buku liti.

Kusiyana kwa kalembedweku sikunayambe dzulo. Kale ku Mangalande komweko anthu ankalemba COLOR ndi COLOUR mosakaniza, popanda wowadzudzula. Mu 1755 Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake yaikulu, imene inathandiza kukhazikitsa kalembedwe kokhala ndi U m'mawu ambiri otere. Kutsidya la nyanja, Noah Webster, mphunzitsi amene ankafuna kuti dziko latsopano la Amereka likhale ndi mabuku akeake, anasankha njira inayo m'madikishonale ake a mu 1806 ndi 1828. Anachotsa U mu COLOUR ndi HONOUR, anatembenuza mapeto a CENTRE kukhala CENTER, analemba DEFENSE m'malo mwa DEFENCE, ndipo anasiya L mmodzi yekha mu TRAVELED. Kwa wowerenga nyuzipepala izi sizisokoneza kanthu, tanthauzo ndi lomwelo. Koma m'masewera a mawu, momwe chilembo chilichonse chimawerengedwa ndipo chili ndi malo ake, U mmodzi amasintha zonse.

Tiyeni tilowe m'masewera a tsiku lija ndi kuwatsata phazi ndi phazi. Mu Wordle, ukalemba liwu, timabokosi tisanu timasintha mtundu. Kobiriwira kakutanthauza kuti chilembo chilimo ndipo chili pamalo pake. Kachikasu kakutanthauza kuti chilimo koma wachiika pamalo polakwika. Kotuwa kakuti chilembocho mulibe.

Tiyerekeze kuti wosewera wayamba ndi RAISE, liwu limene ambiri amakonda kuyambira chifukwa lili ndi zilembo zopezeka kawirikawiri. A wabiriwira pamalo achiwiri, R wasanduka wachikasu, ndipo I, S ndi E atuwa. Kachiwiri wayesa TAROT. Tsopano A ndi O abiriwira, T watuwa, ndipo R wakhalabe wachikasu. Apa zinthu zayera ndithu. R sali pamalo oyamba, sali pachitatu, ndipo malo achiwiri ndi achinayi atengedwa kale, ndiye kuti ali kumapeto. Liwu lofunika likuoneka chonchi:

```
_ A _ O R
```

Munthu woleredwa ndi kalembedwe ka ku Briteni akayang'ana mpata umenewu amaona mawu atatu: MAJOR, MAYOR ndi MANOR. Mtima umakhala m'malo, chifukwa watsala ndi mwayi kanayi pomwe mawu ndi atatu okha. Amalemba MAYOR. M watuwa. Kutuwa kwa M mmodziyo kwapha mawu onse atatu nthawi imodzi, ndipo m'mutu mwake simunatsale kanthu. Amayamba kukayika ngati foni ikuyenda bwino, kenako kuyesa mawu osadziwika, mwayi n'kumatha.

Mnzake wa ku Amereka atafika pamalo omwewo sakuona mawu atatu koma asanu ndi awiri, chifukwa kwa iye FAVOR, LABOR, VAPOR ndi VALOR ndi mawu wamba. M atatuwa, iye watsala ndi anayi. Ngati ali wochenjera amalemba VALOR, osati chifukwa akukhulupirira kuti ndilo yankho, koma chifukwa liwuli limasiyanitsa enawo onse. V akabiriwira koma L n'kutuwa, yankho ndi VAPOR. V akatuwa L n'kukhala wachikasu, yankho ndi LABOR. V akakhala wachikasu, ndiye kuti chilembocho chili pakati, ndipo yankho ndi FAVOR. Ulendo wachisanu wamaliza. Awiriwa apatsidwa zizindikiro zofanana ndendende, nzeru zawo n'zofanana, koma wina ali ndi mawu anayi m'thumba amene mnzake alibe.

Chimene chimapweteka kwambiri pa gulu la mawu amenewa n'chakuti wosewera wa kalembedwe ka ku Briteni sakanidwa n'komwe. FAVOUR sangalembeke m'timabokosi tisanu, ndiye palibe uthenga umene umamuchenjeza kuti wayandikira. Mawu ofananawo ndi ambiri: COLOR, HONOR, HUMOR, RUMOR, TUMOR, VIGOR, ARMOR. Onsewa ali ndi zilembo zisanu ku Amereka, zisanu ndi chimodzi kwa ife. Pa 9 Febuluwale chaka chomwecho yankho linali HUMOR, ndipo madandaulo anabukanso. Chizindikiro chodziwira kuti mwagwa mu msampha umenewu ndi chimodzi: mapeto a OR atsimikizika, koma mawu amene mukuwadziwa atha. Zikatero, ganizirani mawu othera ndi OUR n'kuchotsamo U.

Ambiri analoza chala nyuzipepala ya New York Times, koma tsiku la FAVOR nyuzipepalayi inali isanagule masewerawa. Kugulako kunalengezedwa pa 31 Januwale 2022. Amene anapanga Wordle ndi Josh Wardle, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wochokera ku Wales, komwe amalembanso FAVOUR, ndipo poyamba masewerawa ankapezeka pa adiresi ya intaneti yothera ndi co.uk. N'chifukwa chake anthu a ku Briteni ankawatenga ngati awoawo. Koma Wardle ankakhala ku Brooklyn mumzinda wa New York, ndipo anapangira masewerawa bwenzi lake la komweko. Mayiyo ndi amene anasefa mawu a zilembo zisanu pafupifupi 13,000, kupatula amene ankawadziwa, ndipo mayankho anatengedwa pa mawu opatulidwawo.

Apa pali mfundo imene osewera ambiri saidziwa. Wordle ali ndi mindandanda iwiri. Pamene Wardle ankawatulutsa mu Okutobala 2021, mndandanda wa mayankho unali ndi mawu 2,315, ndipo panali mndandanda wina wa mawu 10,657 amene amaloledwa kulembedwa poyesa koma sakanakhala yankho. Choncho kuvomerezedwa kuli pawiri. Liwu likhoza kulandiridwa ngati Chingerezi, timabokosi n'kusintha mitundu, koma lilibe mwayi wokhala yankho la tsiku lililonse. Liwu likakhala kuti palibe pa mindandanda yonse iwiri, foni imangolemba kuti "Not in word list", ndipo simutaya mwayi, mumangofufuta n'kuyesa lina.

Ndiye kukanidwa sikuwononga kanthu. Chowononga ndi kulandiridwa kwa liwu limene silingapambane, ndipo apa m'pamene gulu lachiwiri la mawu limalowera, la RE ndi ER. METRE ndi METER, LITRE ndi LITER, FIBRE ndi FIBER, onsewa ali ndi zilembo zisanu mbali zonse ziwiri, zilembo zomwezo, kungosinthana malo ziwiri zomaliza. Yankho likakhala METER inu n'kulemba METRE, masewera amalandira, M, E ndi T amabiriwira, koma R ndi E womaliza amakhala achikasu. Mwataya mwayi umodzi. Ngati unali wachitatu palibe vuto, chifukwa zilembo ziwiri zachikasu kumapeto zikukuuzani poyera kuti muzitembenuze. Ngati unali womaliza, mwagwa liwu muli nalo m'manja. New York Times itatenga masewerawa inachotsa mawu angapo pa mndandanda wa mayankho mu Febuluwale 2022, ndipo limodzi mwa iwo linali FIBRE. Kuyambira pamenepo njira inaoneka bwino lomwe: pakakhala kalembedwe kawiri, yambani ndi ka ku Amereka.

Ine ndikuona kuti odandaula aja anali ndi mfundo, ngakhale ena anawaseka. Palibe cholakwika kuti masewera atsate Webster. Chimene chinasowa ndi kuuza anthu. Malangizo a masewera anafotokoza za mitundu itatu ija ndi kuchuluka kwa mwayi, koma sananene kuti mawu adzalembedwa mwa ku Amereka. Lamulo limene limagamula wopambana liyenera kunenedwa masewera asanayambe, osati kuti munthu alizindikire atagwa kale.

Ku Briteni kuli masewera ena amene lamulo lomweli analitembenuza, ndipo iwo amalinena poyera. Countdown ndi pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya Channel 4, imene inayamba pa 2 Novembala 1982, tsiku limene wailesiyo inatsegulidwa. Opikisana amakhala awiri. Amasankha zilembo 9 mosaona, kenako amapatsidwa masekondi 30 kuti apange liwu lalitali kwambiri pogwiritsa ntchito chilembo chilichonse kamodzi. Amene liwu lake latalika ndiye amatenga mapointi, pointi imodzi pa chilembo chilichonse, ndipo womaliza zilembo zonse 9 amapata 18. Woweruza ndi Susie Dent, katswiri wa madikishonale amene wakhala pa pulogalamuyi kuyambira 1992, ndipo amatsata dikishonale ya Oxford. Kalembedwe ka ku Amereka sikaloledwa.

Taonani mmene zimapwetekera. Zilembo zatuluka motere:

```
F L A V O R E D S
```

Wopikisana woyamba akuti ali ndi zilembo 8, wachiwiri akuti ali ndi 7. Wachiwiriyo akutchula ORDEALS. Woyamba akutchula FLAVORED. Liwuli mu dikishonale ya Oxford limaonekamo, koma lili ndi chizindikiro chakuti ndi kalembedwe ka ku Amereka, ndipo kalembedwe ka ku Briteni kakufuna U amene pa zilembo zija palibe. Liwu lakanidwa. Wa zilembo 7 watenga mapointi 7, wa zilembo 8 watuluka chimanjamanja. Chitsanzo china chowawa koposa ndi SIGNALED. Ku Briteni liwuli limafuna L awiri, SIGNALLED, ndiye lokhala ndi L mmodzi limakanidwa. Koma zilembo 8 zomwezo zikasanjidwa mwina zimapanga DEALINGS, liwu lovomerezeka. Wosewera anali ndi mapointi 8 patsogolo pake, anangowasanja molakwika.

Pali malo awiri pamene anthu amasokonezeka ndi lamulo la Countdown, ndipo onse awiri ndi ofunika kwa aliyense wolemba Chingerezi kuno.

Oyamba ndi a Z. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti REALISE ndi ya ku Briteni, REALIZE ndi ya ku Amereka. Theka lokha la mfundoyi ndi loona. A ku Amereka amalemba ndi Z nthawi zonse, inde, koma ku Briteni njira zonse ziwiri n'zololedwa, ndipo osindikiza mabuku a Oxford akhala akusankha Z kuyambira kale, chifukwa mapeto amenewa anachokera ku Chigiriki komwe anali ndi Z. Choncho REALIZE ndi ORGANIZE amadutsa pa Countdown popanda funso. Koma chilolezochi chili ndi malire. ANALYSE ndi PARALYSE ali ndi chiyambi china, ndipo ku Briteni amalembedwa ndi S basi. ANALYZE ndi ya ku Amereka, imakanidwa. Z yemweyo, pamalo ofanana, wina wadutsa wina wagwa.

Malo achiwiri ndi a mawu amene amaoneka ngati a ku Amereka koma ali ndi tanthauzo lawolawo ku Briteni. Masewera safunsa kuti mukutanthauza chiyani, amangoona zilembo. METER imadutsa chifukwa mita yowerengera magetsi kapena madzi imalembedwa choncho ngakhale ku London, pomwe mita yoyezera kutalika ndi METRE. TIRE imadutsa chifukwa imatanthauza kutopa, ngakhale tayala la galimoto ndi TYRE. CHECK imadutsa chifukwa ndi kufufuza, ngakhale cheke cha ku banki ndi CHEQUE. LICENSE imadutsa chifukwa ndi mneni, kupereka chilolezo, pomwe chilolezo chenichenicho ndi LICENCE. Koma LITER ndi CENTER alibe tanthauzo lachiwiri lowapulumutsa, ndiye amagwa. Wosewera wodziwa bwino akakhala ndi liwu lokayikitsa amadzifunsa funso limodzi: kodi munthu wa ku Briteni angalembe zilembo zimenezi motere pa tanthauzo lina lililonse?

Ndiwonjezepo chenjezo laling'ono kwa ife okonda U. Kalembedwe ka ku Briteni sikasunga U paliponse. HUMOUR ili ndi U pakati pa O ndi R, koma HUMOROUS ilibe. HONOUR ili naye, HONORARY ilibe. Chimodzimodzinso VIGOROUS ndi LABORIOUS. Ndipo si nthawi zonse pamene a ku Amereka amafupikitsa. Pa ENROL ndi FULFIL a ku Briteni ndi amene ali ndi L mmodzi kumapeto, a ku Amereka amalemba ENROLL ndi FULFILL.

Tsopano Scrabble, masewera amene ambiri kuno amawadziwa, a timatailosi 100 tokhala ndi zilembo ndi bolodi ya timabokosi. Apa yankho limadabwitsa anthu: njira zonse ziwiri zimaloledwa. COLOUR ndi COLOR, CENTRE ndi CENTER, GREY ndi GRAY, onse ndi mawu ovomerezeka.

Zinafika pamenepa chifukwa cha mbiri ya masewerawa. Anayambira ku Amereka, komwe Alfred Butts anawakonza m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina lakuti Scrabble linabwera mu 1948. Lero kampani ya Hasbro ndiyo mwini wake ku Amereka ndi ku Canada, pomwe Mattel ndi mwini wake kwina konse. Mbali ziwirizi zinakula ndi mabuku osiyana. Ku Amereka ankatsata dikishonale ya osewera Scrabble imene Merriam-Webster inatulutsa koyamba mu 1978, ndipo ku Briteni ankatsata dikishonale ya Chambers. Mpikisano woyamba wa dziko lonse utakonzedwa ku London mu 1991, panafunika njira yoti asakondere mbali imodzi, ndipo anagwirizana kuti liwu likhale lovomerezeka ngati likupezeka ku mbali iliyonse mwa ziwirizo. Mndandanda wophatikizawo ndi umene lero umatchedwa Collins Scrabble Words. Wa mu 2019 unali ndi mawu oposa 279,000, pomwe mndandanda wa osewera a ku Amereka ndi Canada wa mu 2018 unali ndi mawu okwana ngati 192,000. Mipikisano ya mu Afirika imatsata Collins, ndipo ndi mndandanda umenewu umene Wellington Jighere wa ku Nigeria anapambanira mpikisano wa dziko lonse ku Perth mu 2015, kukhala munthu woyamba wa mu Afirika kutero. Kwa ofuna kudziwa, KWACHA ndi TAMBALA alimo onse awiri.

Popeza njira zonse zimaloledwa, wosewera wodziwa amaona kusiyana kwa kalembedwe ngati chuma. Mu Scrabble chilembo chilichonse chili ndi mtengo wake. S ndi pointi imodzi, Z ndi mapointi 10. REALISE imakwana mapointi 7, REALIZE imakwana 16, tisanawerenge timabokosi tochulukitsa. Mukamaliza timatailosi tonse 7 nthawi imodzi mumawonjezeredwa 50, ndiye wina apata 57, wina 66. Amene amakana kulemba Z chifukwa choti sanaphunzire choncho akutaya njira yabwino yogwiritsira ntchito chilembo chodula chimene m'thumba lonse chilimo chimodzi chokha.

U nayenso ali ndi nkhani yake. Ndi chilembo chovuta kuchiphatikiza ndi zina, ndipo osewera sakonda kukhala nacho nthawi yaitali. Mukakhala naye, COLOUR imakuthandizani kumutaya. Mukakhala mulibe, COLOR ilipo, simukakamira. Nanga CENTRE ndi CENTER? Mapointi ake ndi ofanana, koma mapeto ake amatsegula makomo osiyana. CENTRE ikakhala pa bolodi, mnzanu akhoza kuikapo D mmodzi n'kupanga CENTRED, kapena S n'kupanga CENTRES, kwinaku akumanga liwu lina lodutsa pamenepo. CENTER imalandira S yekha ngati chilembo chimodzi chowonjezera. Ngati mukutsogola ndipo mukufuna kutseka bolodi, kusankha kwa pakati pa ziwirizi kuli ndi phindu lenileni.

Ngozi ya Scrabble ili pa kutsutsa. M'mipikisano, mnzanu akaika liwu limene mukulikayika mumaimitsa wotchi, nonse awiri mumapita pa kompyuta ya woweruza, mumalemba liwulo, ndipo kompyuta imanena ngati n'lovomerezeka kapena ayi. Likakhala labodza, mwini wake amachotsa timatailosi take ndipo ulendo wake wapita pachabe. Koma likakhala loona, m'mipikisano yambiri wotsutsayo amalipira. Ku Amereka, pa mndandanda wawo, amataya ulendo wake wonse. M'mipikisano yambiri ya mayiko yotsata Collins, mwini liwu amawonjezeredwa mapointi 5. Ndiye taganizirani wosewera watsopano amene anakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a Fomu 4. Mnzake waika HONOR. Iye akudziwa ndi mtima wonse kuti pasowa U, ndipo m'kalasi akanakhala wolondola. Akutsutsa, kompyuta ikuvomereza liwu, mnzake wapata mapointi a liwulo kuphatikizapo 5 aulere. Masewera ambiri amatha ndi kusiyana kochepa kuposa pamenepo.

Kuloledwa kwa njira zonse sikutanthauza kuti mungadzipangire kalembedwe kanu. Liwu lililonse liyenera kupezeka pa mndandanda palokha, ndi mapeto ake omwe. Sikokwanira kunena kuti popeza liwu lakuti limalembedwa pawiri, ndiye lina lofanana nalo liyeneranso kutero. Ndiponso mindandanda iwiri ija siifanana m'zonse. Mawu ngati ZO ndi CH ndi ovomerezeka mu Collins koma mndandanda wa ku Amereka ulibe, choncho wozolowera Collins akasewera pa pulogalamu ya pafoni yotsata mndandanda wa ku Amereka amadabwa mawu ake odalirika akukanidwa. Mapulogalamu ambiri otere ali ndi malo osankhira dikishonale, ndipo ndi bwino kuyang'ana pamenepo musanayambe.

Kunyumba, kusukulu kapena pamalo ochezera, komwe kulibe kompyuta ya woweruza, mikangano yambiri imabadwa chifukwa anthu amatsegula dikishonale liwu litatsutsidwa kale. Malamulo amene amabwera m'bokosi la Scrabble amanena kuti osewera agwirizane za dikishonale masewera asanayambe. Koma kusankha buku kokha sikuthetsa nkhani. Madikishonale a Oxford amene amapezeka m'sukulu zathu amalemba COLOUR ngati mutu, pambali pake n'kuonetsa COLOR ndi chizindikiro chakuti ndi ka ku Amereka. Wina adzaloza n'kunena kuti liwu lilimo, wina adzaloza chizindikirocho n'kunena kuti si lathu, ndipo onse awiri akuwerenga mzere umodzi molondola. Choncho pali zinthu ziwiri zogwirizana musanatenge timatailosi m'thumba: buku limene mutsate, ndiponso ngati mawu okhala ndi chizindikiro cha ku Amereka akuloledwa monga mu Collins kapena akukanidwa monga pa Countdown. Ngati mphunzitsi akugwiritsa ntchito masewerawa pokonzekeretsa ana mayeso, lamulo la Countdown ndi limene likugwirizana ndi zimene anawo adzafunsidwa kulemba. Ngati cholinga ndi kukonzekera mpikisano wa Scrabble, tsatani Collins, ndipo ana aphunzire mawu awiriawiri, COLOUR pamodzi ndi COLOR, LITRE pamodzi ndi LITER, kuti asamataye mapointi potsutsa mawu ovomerezeka.